Mmene ndinasiyira kusokoneza debiti ndi kirediti

Manotsi anga a akauntingi anali masamba ambirimbiri koma ikafika nthawi yoposita ku leja, buku la maakaunti, mutu umangoima. Ndiye tsiku lina ndili mu minibasi yochokera ku Limbe kupita ku Ndirande ndinaganiza zongowafinya akhale mafunso pa kakhadi kamodzi.

Pa jenala, buku loyamba kulembamo zochitika za bizinesi, ndimadzifunsa kuti maakaunti akhudzidwa ndi ati, ndi a mtundu wanji, akukwera kapena akutsika. Katundu wa bizinesi ndi zowonongedwa zikakwera ndi debiti, ngongole, mpamba ndi zogulitsa zikakwera ndi kirediti. Mwachitsanzo kulipira lendi ya shopu K45,000 kashi, lendi debiti, kashi kirediti poti yatsika, basi. Ku leja ndimachonga mzere wa jenala pokhapokha ndaposita mbali zonse ziwiri, apa ndi pomwe ndinkagwa kale.

Thirayo balansi, mndandanda woonera ngati madebiti onse akufanana ndi makirediti onse, ikakana sindiyambiranso zonse ayi. Ndimagawa kusiyanako ndi 2, ndikapeza nambala yomwe ilipo m'buku ndiye kuti ndinaiika mbali yolakwika. Kukagawika ndi 9 ndimasaka manambala otembenuka, ngati sabata yatha kusiyana kunali K9,000, kani ndinalemba 54,000 m'malo mwa 45,000. Koma ikabalansa musasangalale msanga, lendi mukaiponya ku akaunti ya magetsi imabalansabe bwinobwino.