Momwe mungatsekere kanjira kotentha m'chipinda cha maseva ndi kusankha kazizidwe ka mpweya

Seva imakoka mpweya wozizira kutsogolo, n'kuutulutsa kumbuyo utatentha. Ntchito yonse yoziziritsa chipinda cha maseva yagona poletsa mpweya wotenthawo kubwerera kutsogolo. Ambiri akaona seva ikudandaula kutentha amathamangira kutsitsa makina oziziritsa mpaka 16°C, pomwe vuto lenileni ndi loti mpweya wotentha ndi wozizira ukusakanikirana. Tiyeni titenge chipinda cha ku Lilongwe chokhala ndi maraki 20, omwe ndi makabati achitsulo oikamo maseva, iliyonse yodya magetsi a 8 kW, onse pamodzi 160 kW. Magetsi onsewo amasanduka kutentha.

Choyamba, imikani maraki m'mizere iwiri ya khumikhumi, misana yake itayang'anizana. Mpata wa pakati pa misanayo ndiwo kanjira kotentha, ndipo mulifupi mwake mukhale pafupifupi mamita 1.2 kuti munthu athe kutsegula chitseko cha raki n'kugwira ntchito. Ikani zitseko kumapeto konse kuwiri, ndipo kuchokera pamwamba pa maraki mangani zipupa zofika ku siling'i. Mpweya wotentha uzikwera, kudutsa m'kati mwa siling'i, n'kutsikira m'makina oziziritsa. Chipinda chonse chotsalacho chimakhala chozizira. Ubwino wake ndi woti zipangizo zoima pazokha kunja kwa mizere zimapumanso mpweya wabwino. Musanamange zipupazo kambiranani ndi wokonza zozimitsa moto, chifukwa m'kanjiramo mufunika zodziwitsa utsi ndi mipopi yakeyake.

Kenaka werengerani kuchuluka kwa mpweya, musanaganize n'komwe za madigiri. Maseva ambiri amatenthetsa mpweya ndi madigiri 10 mpaka 15, ndiye ife titenga 12.

```
Q = P / (ρ × 1.005 × ΔT)
```

Apa Q ndi makyubiki mita a mpweya pa sekondi, P ndi makilowati, ΔT ndi madigiri 12 aja, 1.005 ndi makilojulo ofunika kutenthetsa kilogalamu imodzi ya mpweya ndi digiri imodzi, ndipo ρ ndi kulemera kwa mpweya. Pa ρ pamenepa ndi pomwe pamagwa anthu. Mabuku a ogulitsa makina kawirikawiri amagwiritsa ntchito 1.2, komwe ndi kulemera kwa mpweya wa m'mbali mwa nyanja yamchere. Lilongwe ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,050, ndipo mpweya wake pa 24°C umalemera pafupifupi makilogalamu 1.05 pa kyubiki mita. Mukawerengera ndi 1.2 mupeza 11.1, koma mukawerengera ndi 1.05 mupeza 12.6. Kusiyana kwa 14 peresenti kumeneku n'kokwanira kusowetsa mtendere chipinda chonse, pakuti mafani a maseva akapanda kupatsidwa mpweya wokwana amauyamwa kuchokera m'kanjira kotentha kudzera m'ming'alu iliyonse. Onjezerani 10 peresenti ya mpweya wotayika, mufike pafupifupi 14. Ndiye gulani makina anayi, aliwonse okankha makyubiki mita 4.7 pa sekondi, kuti atatu azikwanitsa ntchito pamene amodzi afa kapena akukonzedwa. Uzani wogulitsa kuti akupatseni mphamvu ya makinawo pamtunda wa malo anu, ndipo alembe papepala.

Chachitatu ndi kutseka mipata, ntchito yotopetsa koma yobweza ndalama mwachangu kuposa zonse. Malo aliwonse opanda seva m'raki atsekedwe ndi timbale totsekera. Mabowo olowera mawaya aikidwe maburashi. Yang'anani pansi pa raki, pomwe pali matayala, komanso pakati pa raki ndi inzake. Samalaninso ndi maswichi a netiweki: amakonda kuikidwa kumbuyo kwa raki, pamwamba, ndipo ena amakoka mpweya chakumene kuli madoko a mawaya, kutanthauza kuti amapuma wa m'kanjira kotentha. Gulani oyendetsa mpweya molingana ndi maseva anu, kapena aikireni kapaipi kobweretsa mpweya kuchokera kutsogolo. Mukatha, tengani kapepala kopepuka n'kukagwira pamphepete pa chitseko cha kanjira mutaima kunja. Kakakokedwera m'kati pang'ono, zili bwino. Kakakankhidwira kwa inu, mpweya wotentha ukutuluka ndipo mafani a makina oziziritsa akuperewera. Mafaniwo aziyendetsedwa ndi kachipangizo koyeza kusiyana kwa mphamvu ya mpweya pakati pa chipinda ndi kanjira, chipinda chiziposa ndi mapasikalo awiri mpaka asanu.

Tsopano madigiri. Bungwe la akatswiri la ku America la ASHRAE limalangiza kuti mpweya wolowa m'seva ukhale pakati pa 18°C ndi 27°C, ndipo zipangizo za gulu la A1, limodzi mwa magulu omwe bungweli limagawiramo zipangizo, zimaloledwa kufika 32°C. Malire a pamwambawo amatsika ndi digiri imodzi pa mamita 300 alionse omwe malo akwera kupitirira mamita 900, choncho ku Lilongwe ndi pafupifupi 31.5°C. Dziwani kuti manambalawa ndi a pakhomo pa seva, osati a pakamwa pa makina oziziritsa. Kachipangizo kolamulira makinawo kaziyeza mpweya wotuluka kupita ku maseva. Makina akale ambiri amayeza wobwerera, ndipo mukatseka kanjira wobwererayo amafika madigiri 35 kupita m'tsogolo, makinawo n'kumaziziritsa mopitirira muyeso.

M'chipinda chathuchi ine ndingasankhe 24°C. Kukweza madigiri kumapulumutsadi magetsi, chifukwa kompuresa sivutika kwambiri, komanso m'miyezi ya Juni ndi Julayi mpweya wa kunja ungathe kuthandiza kuziziritsa ngati makina anu ali ndi njira imeneyo. Koma phindulo lili ndi pothera. Mpweya ukayandikira 27°C mafani a m'maseva ambiri amayamba kuthamanga, ndipo fani ikawonjezera liwiro ndi 20 peresenti imadya magetsi ochuluka ndi 73 peresenti. Zomwe mwapulumutsa kunja mwayamba kuzilipira m'kati mwa raki. Ganiziraninso munthu wolumikiza mawaya: pa 24°C m'kanjira mumakhala 36°C, pa 27°C mumafika 39°C. Masoketi a magetsi a m'raki amakhalanso momwemo, ndiye onani malire a kutentha olembedwa pa iwo.

Chifukwa chachikulu chosankhira 24°C kwa ife kuno ndi kuzimazima kwa magetsi. Magetsi akathima maseva amapitiriza kugwira ntchito pa mabatire, koma kuziziritsa kumaima. Jenereta imalira pakapita masekondi angapo, pomwe kompuresa imatha kudikira mphindi zingapo isanayambenso. M'chipinda cha makyubiki mita 300 muli mpweya wolemera makilogalamu 315 okha, ndipo 160 kW ingaukweze ndi theka la digiri pa sekondi iliyonse, kungoti zitsulo ndi makoma zimamwako kutentha kwina. Woyambira pa 24°C ali ndi madigiri 7.5 asanafike pamalire, woyambira pa 27°C ali ndi 4.5. N'chifukwa chake mafani a makina oziziritsa ayenera kukhala pa mabatire, ndipo ngati mumaziziritsa ndi madzi, mapampu akhalenso pamenepo pamodzi ndi thanki ya madzi ozizira.

Ngati chipinda chanu chikuyenda kale pa 18°C, musadumphe tsiku limodzi. Ikani zoyezera kutentha zitatu kutsogolo kwa maraki a kumapeto ndi a pakati pa mzere: pansi, pakati ndi pamwamba. Kwezani digiri imodzi, dikirani masiku angapo, muone choyezera chotentha kwambiri. Chikaposa mpweya wochokera m'makina ndi madigiri opitirira awiri, pali mpata womwe ukudontha, ndipo kawirikawiri umakhala pamwamba pa raki ya kumapeto. Utsekeni musanakwezenso. Onaninso magetsi omwe maseva akudya: akayamba kukwera ntchito isanachuluke, mafani ayamba kuthamanga, bwererani digiri imodzi. M'nyengo ya dzinja yang'anirani chinyezi, mulingo womwe mame amayambira usapitirire 15°C. Pomaliza, maraki atadzaza, zimitsani dala makina amodzi oziziritsa, kenaka tsiku lina mudule magetsi kuti jenereta ilowe, mukulemba madigiri a choyezera chilichonse pa masekondi 30 alionse mpaka kompuresa itayambanso.