Bulauzi ya Mvano ndi mphumi zikapsa pa chithunzi cha masana

Ojambula a kuno ku Chigwa cha Shire sitisankha nthawi. Mapemphero amatha cha m'ma 12 koloko, akwati amatuluka m'tchalitchi dzuwa lili paliwombo, ndipo mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40 ku Ngabu, ku Nchalo ngakhale ku Nsanje. Pamenepo aliyense watuluka thukuta. Ukafika kunyumba n'kutsegula zithunzi, umapeza bulauzi ya mayi yangoti mbee ngati pepala, mabatani ndi msoko osaoneka, pamphumi pali chigamba choyera ngati wina wapakapo ufa. Izi ndi zimene timati chithunzi chapsa.

Ambiri akaona zimenezi amathamangira m'pulogalamu yokonzera zithunzi kukakokera Highlights, yochepetsera kuwala kwa malo owala kwambiri, mpaka -100. Nthawi zina zimathandiza, koma kawirikawiri bulauzi imasanduka yotuwa ngati yachapidwa m'madzi a matope, mphumi n'kukhala ngati yagwera phulusa. Musanakhudze chilichonse, yambani mwadziwa ngati pamalo opsawo patsala kanthu koti n'kubweza.

Kadontho kalikonse ka chithunzi kamapangidwa ndi mitundu itatu: wofiira, wobiriwira ndi wabuluu. Pa JPEG mtundu uliwonse umawerengedwa kuyambira 0 kulekeza 255. Kuwala kukapyola pamenepo kumangolembedwa 255 basi, monga ndowa yodzaza imene ngakhale uthiremo madzi ena amangotayikira pansi. Ngati wadzaza ndi mtundu umodzi kapena iwiri, wotsalawo umakhala utasungabe makwinya a nsalu ndi timabowo ta khungu, ndipo pulogalamu imatha kumangira pamenepo. Ikadzaza yonse itatu, palibe chimene kamera inasunga. Mungakoke bwanji, mudzangopeza utoto wotuwa wosalala. Ubwino wa RAW, fayilo yosunga zimene kamera yajambula isanazisandutse JPEG, ndi wakuti ndowa yake ndi yaikulu. Imasunga kuwala kwina kumene JPEG inataya, kawirikawiri pafupifupi sitepe imodzi, ndiye kuti kuwala kowirikiza kawiri.

Kuyesa kwake n'kosavuta ndipo kumatheka m'pulogalamu iliyonse. Tsitsani Exposure mpaka -2, osadandaula kuti nkhope yada bii, chifukwa mubwezera. Kenaka kulitsani chithunzi n'kuyang'ana pa nsalu. Pamene patuluka makwinya, ulusi kapena m'mphepete mwa kolala, pali moyo. Pamene pangosanduka potuwa, posalala, pokhala ndi malire akuthwa ngati mapu, pafa. Amene muli ndi Lightroom pa kompyuta, dinani J mu Develop ndipo malo opsa aoneka ofiira. Mukagwira Alt uku mukukoka Whites, sikirini imada n'kutsala malo opsa okha: amitundumitundu ndi amene mwina abwerera, oyera ndi amene mitundu yonse itatu yadzaza.

Nditenge chithunzi chimodzi chimene mnyamata wina amene ndimamuphunzitsa anabwera nacho. Anajambula mayi wa Mvano panja pa tchalitchi, atavala bulauzi yoyera ndi duku loyera, dzuwa likuwomba kuchokera pamwamba. Kamera inali pa ISO 100, f/8, 1/200. Pa dzuwa loswa mtengo chotere muyezo wakale umati f/16 pa 1/100, zomwe zikufanana ndi f/8 pa 1/400. Choncho iye analowetsa kuwala kowirikiza kawiri. Sanachite mwangozi ayi. Amafuna nkhope iwale, popeza maso ndi masaya zinali mumthunzi wa duku, ndipo makasitomala athu akaona nkhope yakuda pa chithunzi amakana kulipira. Mwayi wake anajambula RAW.

Titatsitsa Exposure, chifuwa cha bulauzi ndi manja zinabwerera zonse, mpaka mabatani. Pamwamba pa mapewa ndi pamwamba pa duku, pamene dzuwa limamenya mwachindunji, panatsala tizigamba tosalala. Pamphumi panatsala kamalo kangati ndalama yachitsulo, kotuwa.

Tinabwezera Exposure n'kuisiya pa -0.5 yokha, Highlights pa -40, ndipo Shadows tinakweza pang'ono kufika +25 kuti maso aoneke. Apa m'pamene ndimalimbana ndi ophunzira anga. Highlights ya chithunzi chonse sisiyanitsa bulauzi ndi munthu. Imachotsanso kuwala kwa pamasaya ndi pamphuno, kumene kumachititsa khungu lakuda kuoneka lamoyo, ndipo nkhope imatsala yafwaa ngati ya munthu wodwala. Ntchito yaikulu iyenera kuchitikira pa nsalu pokha. Mu Masking tinasankha Brush n'kupaka bulauzi ndi duku, Auto Mask ili yoyatsa kuti burashi isadumphire pakhosi. M'kati mwa malo opakawo tinatsitsa Exposure ndi -0.7, Highlights -60, n'kuwonjezera Texture pang'ono kuti ulusi uoneke.

Zinthu ziwiri zimavuta pa siteji imeneyi. Choyamba ndi mtundu. Nsalu yoyera yobwezedwa imakonda kuoneka ya pinki pamene inatsala pang'ono kufa, chifukwa pa RAW mtundu wobiriwira ndi umene umayamba kudzaza pa dzuwa, ndipo m'makwinya imaoneka yabuluu chifukwa mithunzi imawalitsidwa ndi thambo. Mankhwala ake ndi amodzi: m'malo opaka omwewo tsitsani Saturation, ife tinafika -40. Chachiwiri ndi dyera. Munthu ukaona makwinya akubwerera umafuna ubweze onse, n'kuiwala kuti mayiyu anachapa ndi kusita bulauziyo kuti iyere. Ikani kamuvi pamalo owala kwambiri a nsalu n'kuwerenga manambala a pansi pa Histogram. Ine ndimafuna akhale pakati pa 90 ndi 95 pa 100. Akatsika kufika m'ma 80, pa pepala bulauzi idzatuluka yothimbirira, ndipo mayi adzakufunsani kuti mwawaveka chiyani.

Tizigamba ta pamapewa tinangotisiya. Nsalu yoyera pa dzuwa imakhala ndi malo oyera kotheratu ngakhale poiona ndi maso, ndipo palibe amene amadabwa nazo, bola malire ake asakhale akuthwa.

Mphumi ndi nkhani ina, ndipo siyenera kugwiridwa ngati nsalu. Chimene chikuwala pamphumi si khungu, ndi thukuta ndi mafuta odzola zimene zikubweza dzuwa ngati galasi. Kuwala kumeneko kulibe mtundu wa khungu la munthuyo, kuli ndi mtundu wa dzuwa, nthawi zina kosakanikirana ndi buluu wa thambo. N'chifukwa chake mukakudetsa simupeza bulawuni pansi pake, mumapeza phulusa. Kudetsa kokha sikukwanira, muyenera kubweretsapo mtundu.

Ngati kamaloko sikanafe konse, Brush yofewa ya Lightroom imakwanira. Ikani Feather pa 100, Flow cha pa 30, mupake pang'onopang'ono, kenaka Highlights -30 ndi Temp yokwera pang'ono kuti pafunde ngati khungu lozungulira. Kwa mayi wathu uja pakati penipeni panali patafa, ndiye tinapita ku Photoshop. Apa tisanamizane, sitikubweza kanthu, tikusoka chigamba. Tinatsegula Layer yatsopano yopanda kanthu, n'kuiika pa Darken. Ubwino wa Darken ndi wakuti utoto umagwira pokhapo pamene pali powala kuposa utotowo, kwina konse sukhudza. Ndi Brush tinagwira Alt n'kudina pa khungu lowala la m'mphepete mwenimweni mwa chigambacho kuti titenge mtundu. Osatenga wa pa tsaya kapena wa pakhosi, umenewo ndi wakuda kwambiri ndipo mphumi idzaoneka ngati ili ndi chipsera. Opacity ya burashi tinaiika pa 10%, n'kudutsa kanayi kapena kasanu kuchokera m'mphepete kulowa m'kati, uku tikutenganso mtundu mbali iliyonse, popeza mphumi sikhala ndi mtundu umodzi.

Utoto wopakawo umakhala wosalala kuposa khungu lenileni, ndipo munthu wa diso amazindikira msanga. Pa Layer yomweyo tinapita ku Filter, Noise, Add Noise, n'kuika 2%, Gaussian ndi Monochromatic, kuti pafanane ndi mchenga umene uli pa chithunzi chonse. Pomaliza tinatsitsa Opacity ya Layer yonse kufika 60%. Zimenezi zimabweza kunyezimira pang'ono, ndipo ndi dala. Mphumi ndi yozungulira, ndipo kuwala kwa pakati n'kumene kumaonetsa kuzungulirako. Mukakufafaniza konse, nkhope imaphwatalala ngati khoma lozira, pamene mphuno ndi mapewa zikuonetsabe kuti dzuwa linalipo.

Ambiri mwa inu mumakonzera pa foni, ndipo zithunzi zake ndi JPEG. Snapseed ndi yaulere ndipo imathandiza pa nsalu imene sinafe: mu Tune Image tsitsani Highlights pang'ono, kenaka mu Brush sankhani Exposure pa -0.3 n'kupaka bulauzi. Pamphumi, Healing imagwira bwino ngati kamaloko n'kakang'ono ndipo mwakulitsa chithunzi kwambiri. Kakakhala kakakulu imakopera nsidze kapena m'mphepete mwa duku n'kuzimata pakati pa mphumi. Komanso kasitomala akakutumizirani chithunzi pa WhatsApp kuti mumukonzere, muuzeni atumize ngati Document. Chotumizidwa mwachizolowezi chimafinyidwa, ndipo timakwinya tochepa timene tinatsala m'malo oyera timawonongeka.

Ntchito yonseyi pa mayi mmodzi inatitengera pafupifupi theka la ola. Tangoganizani ukwati wa zithunzi 200. N'chifukwa chake ndinamuuza mnyamata uja kuti ayatse chenjezo la malo opsa pa kamera, limene pa Canon limatchedwa Highlight alert ndipo pa Nikon ndi Highlights, kuti malo opsa azithwanima akangojambula. Pa dzuwa lathuli sikirini ya kamera sioneka bwino, koma kuthwanimako kumaoneka. Bulauzi yonse ikathwanima, afupikitse nthawi kuchoka pa 1/200 kufika 1/400. Nkhope yakuda pang'ono imakwezeka pa RAW ya ISO 100 popanda vuto lalikulu, pamene nsalu yakufa sidzuka. Ndinamuuzanso kuti aziwatembenuza anthu dzuwa likhale chakumbuyo kwawo, kapena aziwaimika pakhonde la tchalitchi. Pansi pa mtengo wa nimu pamafunika kusamala, chifukwa masamba ake amadontheza dzuwa, ndipo kadontho kamodzi kakagwera pamphumi kamapsa kuposa poyera pomwe, popeza kamera inayeza mthunzi.

M'chikwama cha kamera muzikhalanso timapepala tofewa topukutira. Mukati, "Mayi, tapukutani kaye kumasoku, mongogunda, osakhula," palibe amene amakana, ndipo mujambule nthawi yomweyo chifukwa ku Bangula thukuta silichedwa kubwerera.