Ntchito ya pa sitima zapanyanja: onani kaye komwe ndalama ikulowera

Bambo wina wa kufupi ndi pa Kamwendo kuno ku Mchinji anandipeza mwezi watha atanyamula foni ya mwana wake. Anali atagulitsa kale matumba angapo a soya kuti alipire "ya fomu", ndipo tsopano ejenti amafuna ina ya viza ndi ya tikiti yopita ku Durban, akuti mnyamatayo akakwere sitima yonyamula katundu. Funso lawo linali lakuti, "Alangizi, ndigulitsenso ng'ombe kapena ndidikire?" Ndinawauza kuti ng'ombeyo ibakhala m'khola, tiyambe tawerenga pepala lomwe atumiziridwalo.

Ntchito za pa sitima zamalonda zoyenda pakati pa maiko zili ndi malamulo ake, pangano la bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO, lotchedwa MLC 2006, lomwe linayamba kugwira ntchito mu Ogasiti 2013. Panganoli likunena momveka kuti wofuna ntchito salipira ejenti kuti am'pezere malo, kaya mwachindunji kaya mozembera. Amene amalipira ejenti ndi mwini sitima. Zomwe mungatulutsire ndalama m'thumba mwanu ndi zitatu zokha: pasipoti, kalata ya dokotala yotsimikiza kuti muli ndi thanzi, ndi kabuku ka wogwira ntchito panyanja. Viza amalipira ndi mwini sitima. Choncho munthu akangoti tumizani ya viza pa nambala iyi, wadziulula yekha, ngakhale kalata yake itakhala ndi zidindo zisanu.

Pepala la mnyamata uja linali la tsamba limodzi. Pamwamba panali chithunzi cha nangula, pansi malipiro okopa kwambiri, koma dzina la mwini sitima ndi adiresi yake panalibe. Kontrakiti yeniyeni imatchula dzina lanu lonse, tsiku ndi malo obadwira, dzina ndi adiresi ya mwini sitima, malo ndi tsiku losainirana, udindo womwe mukukagwira, malipiro, tchuthi, chithandizo mukadwala, m'mene ntchito ingathere, komanso za ulendo wobwerera kwanu. Mumasaina inu ndi mwini sitima kapena womuimira, ndipo aliyense amasunga yake yosainidwa. Muli ndi ufulu woiwerenga modekha n'kufunsa nzeru kwa ena musanasaine. Amene akukuuzani kuti mukasainira pa doko, kapena kuti sainani lero lomwe poti malo atsala awiri, akukuthamangitsani dala kuti musaganize.

Pa malipiro ndi pomwe ambiri amapusitsidwa, ngakhale ndi olemba ntchito enieni. Nambala yaikulu yomwe amakuuzani pakamwa kawirikawiri imaphatikiza zinthu zitatu: malipiro oyambira, ovataimu ndi ndalama ya tchuthi. Uzani ejenti akugawireni zitatuzi papepala. Malipiro oyambira amawerengedwa pa maola osapitirira 48 pa sabata, ndipo ola lililonse loposera apo liyenera kulipidwa moonjezerako, mwachitsanzo ngati ola wamba ndi madola 4, la ovataimu lisachepere madola 5. Kuti mukhale ndi poyezera, ILO inaika madola 673 pa mwezi ngati malipiro oyambira otsikitsitsa a wantchito wapanyanja wodziwa kale ntchito yake m'chaka cha 2025. Tsono mwana yemwe sanapondepo ngakhale mu Ilala akamalonjezedwa madola zikwi zitatu pa ntchito yotsuka mbale, dzifunseni kuti sitima imeneyo yasowa bwanji anthu ku Philippines ndi ku India konse mpaka kudzafika pa Kamwendo.

Malipiro asadutse mwezi osaperekedwa, ndipo mwezi uliwonse mumapatsidwa kapepala koonetsa zomwe mwalandira, zomwe zadulidwa ndi mtengo wosinthira ndalama. Mungathenso kulamula kuti gawo lina lizitumizidwa kwa a kwanu. Inu makolo ndi amayi apakhomo, gawo limeneli likambidwe munthu asananyamuke, ndipo akaunti ikhale ya banja, osati ya ejenti.

Tchuthi n'chosavuta kuwerengetsera: masiku awiri ndi theka pa mwezi uliwonse womwe mwagwira. Tinayesa ndi bambo aja pa kontrakiti ya miyezi 9, zinatipatsa masiku 22 ndi theka olipidwa. Malipiro oyambira atakhala madola 600, tsiku limodzi ndi madola 20, tchuthi chonsecho ndi madola 450. Pa pepala lawo lija mawu akuti tchuthi sanalembedwe paliponse.

Nkhani yobwerera kumudzi ndiyo ndimaikonda kuikhalira, chifukwa ife kuno tilibe doko la panyanja yamchere. Munthu wa ku Beira akatsitsidwa kwawo wafika. Wa ku Mchinji akatsitsidwa ku Durban akadali kutali ndi mpanda wa nyumba yake, ndipo ndalama ya ndege alibe. Ulendo wobwerera amalipira mwini sitima, kontrakiti ikatha, mukadwala kapena kuvulala, sitima ikagulitsidwa kapena kampani ikagwa, ndipo nthawi yokhala m'sitima musanayenere kubwezedwa kwanu siyenera kukwana miyezi 12. Mwini sitima saloledwa kukulipiritsani chikole cha ulendowu poyamba ntchito, kapena kudula pa malipiro anu, pokhapokha zitatsimikizika kuti mwaphwanya kwambiri udindo wanu. Onetsetsani kuti malo okubwezerani alembedwa ndi dzina. Pakalembedwa kuti Lilongwe, pali bwino. Pakangolembedwa kuti "doko lapafupi", bwezani pepalalo akonze. Kuyambira mu 2017 sitima zimayeneranso kukhala ndi inshuwalansi yothandiza antchito otayidwa ndi bwana wawo, yomwe imalipira ulendo wa kwawo ndi malipiro otsalira mpaka a miyezi inayi, ndipo chikalata chake chimapachikidwa poonekera m'sitimamo. Mukakwera, chijambuleni pa foni tsiku loyamba.

Samalani ndi mtundu wa sitima. MLC 2006 sikhudza sitima zopha nsomba. Achinyamata ena amauzidwa kuti akupita pa sitima ya katundu, kukafika n'kupeza ndi ya asodzi yomwe imatha miyezi osaona mtunda, ndipo zonse ndalemba pamwambazi sizimawateteza mofanana.

Ndiye tinafufuza bwanji za ejenti uja? Sitima yamalonda yaikulu ili ndi nambala ya IMO, ya manambala 7, yomwe sisintha ngakhale sitimayo itasintha dzina kapena mbendera. Tinam'pempha nambalayo pa WhatsApp. Akanatipatsa, tikanailemba pa tsamba la Equasis, lomwe ndi laulere ukangolembetsa, n'kuona dzina la sitima, mbendera ndi kampani yoiyendetsa, kenako n'kulembera kampaniyo pa adiresi yomwe tapeza tokha, osati yomwe watipatsa iye, chifukwa akuba amabwereka maina a makampani enieni. Bungwe la antchito a zamtengatenga la ITF nalonso limathandiza kudziwa ngati sitima ili ndi mgwirizano wa malipiro. Tinam'funsanso chiphaso chake cha ntchito yotumiza anthu kunja, kuti tikachionetse ku ofesi ya zantchito ya pa boma. Ndipo chinandidabwitsa n'chakuti iye sanafunsepo ngati mnyamatayo ali ndi satifiketi ya maphunziro oyambira a chitetezo cha panyanja a STCW, omwe popanda iwo palibe kampani yolongosoka ingakukwezeni m'sitima. Mafunso onse anali a ndalama.

Yankho linabwera madzulo: nambala ya sitima ndi chinsinsi cha kampani, ndipo ndalama ikapanda kulowa pofika Lachisanu malo apatsidwa kwa wina. Nambalayo si chinsinsi, imalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pa sitima penipenipo kuti aliyense aione. Ndinawauza bambo aja asunge mauthenga onse ndi umboni wa ndalama ya soya ija, apite nazo kupolisi ndi ku ofesi ya zantchito, ndipo asatumize pasipoti ya mwanayo kwa wina aliyense. Lachisanu litafika, nambala ya ejenti inali itasiya kupezeka.