Momwe mungafunsire nzeru pa macheza a pa WhatsApp osamuyalutsa mnzanu

Tiyerekeze mtsikana wina wa ku Area 25. Mnyamata yemwe ali naye pa chibwenzi, wogwira ntchito ku Kanengo, wasuntha tsiku la chinkhoswe kachiwiri, ndipo mayankho ake pa WhatsApp ayamba kufupika. Mtsikanayo akufuna achemwali ake a ku Kawale awerenge macheza aja, amuuze ngati mnyamatayo akuzemba kapena ali ndi vuto lenileni. Kufunsa nzeru sikulakwa. Koma m'macheza omwewo mnyamatayo ananenamo kuti ali pa mankhwala a tsiku ndi tsiku, kuti anatenga katapila, komanso kuti mlongo wake wachoka ku banja. Ankauza munthu mmodzi. Foni ndi ya mtsikanayo, inde, koma theka la mawu ali mmenemo lili ndi mwini wake.

Choyamba, lembani funso lanu musanakhudze foni

Funso ndi lomwe limakuuzani kuchuluka kwa zomwe mungaonetse. "Taonani zomwe amandilembera" si funso, ndipo wonena choncho amathera potumiza macheza a miyezi itatu. Funso la mtsikanayu ndi ili: "Atanena kuti tidikire mwezi wa mawa, kodi akupempha nthawi kapena akufuna kundisiya?" Kuti munthu ayankhe zimenezi, mauthenga 6 kapena 8 a masiku awiri omwe ankakambirana za tsiku la chinkhoswelo akukwanira.

Chachiwiri, patulani mawu m'magulu atatu

Pali mawu anu, awo muli nawo ufulu. Pali mawu ake okhudza nkhani yomwe mukufunsa. Ndiye pali zinsinsi zake ndi za anthu ena omwe sakudziwa n'komwe kuti anatchulidwa. Gulu lachitatuli lisatuluke. Za mlongo uja zilibe gawo pa nkhani ya chinkhoswe.

Katapila ndiye wovutirapo, chifukwa mwina ndiye akuchedwetsa chinkhoswecho. Apa mukhoza kunena kuti "anandiuza kuti ndalama zamuvuta", osatchula kuchuluka kwake kapena yemwe anamubwereka. Za mankhwala musazitchule konse. Lamulo la HIV ndi Edzi la chaka cha 2018 limaletsa kuulula za munthu kuti ali ndi kachilombo iye asanalole, kupatula pa zifukwa zochepa zomwe lamulolo limatchula. Ngakhale matendawo atakhala shuga kapena BP, owerenga akangoona mawu oti "mankhwala" amadzimalizira okha nkhani. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limatetezanso chinsinsi cha munthu, kuphatikizapo mauthenga ake a pa lamya.

Chachitatu, mufunseni mwini wake ngati n'kotheka

Ambiri amadumpha apa poopa mkangano. Komatu pempho lake n'lalifupi: "Nkhani ya tsiku lija ikundisowetsa mtendere. Ndikufuna ndikambirane ndi achemwali. Ndingawaonetse zomwe tinalemberana Lachiwiri ndi Lachitatu? Zina zija sindiwauza." Taonani kuti pempholi latchula yemwe adzaone, mauthenga ake, ndi zomwe sizidzatuluka. Akavomera, wavomera zimenezo basi. Kulola kuti achemwali aone sikulola kuti gulu la amayi a kutchalitchi lione.

Akakana, musatumize mawu ake. Koma sanakutsekeni pakamwa pa moyo wanu. Mukhoza kufotokozabe m'mawu anuanu zomwe zikukuchitikirani ndi mmene mukumvera. Ndipo nthawi zina pempho lokhalo limachititsa munthu kumasuka n'kunena chomwe chikumuvuta, achemwali osafunikanso.

Chachinayi, lembaninso mawuwo, musajambule

Skirinishoti imanyamula zambiri kuposa zomwe maso anu akuona: dzina pamwamba, chithunzi chake, nthawi, ndi kachidutswa ka uthenga wakale komwe kamaoneka pamene wina wayankha uthenga winawake. Pa kachidutswa kameneka ndi pomwe zinsinsi zambiri zimapulumukira. Ngati nambala yake simunaisunge, imaonekera yonse, ndipo kuno nambala ndi dzina. Munthu akangoilowetsa pa Airtel Money kapena pa Mpamba ngati akufuna kutumiza ndalama, dzina la mwini wake limatha kutuluka ndalamayo isanapite.

Kupaka utoto pa dzina sikodalirika kwenikweni. Zolembera zina za pa foni utoto wake ndi wopyapyala, moti wina akawonjezera kuwala kwa chithunzi, zilembo zimaonekanso. Ngati mwakakamizika kutumiza chithunzi, dulani mbali ya pamwamba, phimbani zotsala ndi utoto wochindikala, kenako muwonjezere kuwala nokha kuti muone ngati chilipo chikuonekera. Batani la `Export chat` lokha musaliyandikire pa ntchito imeneyi, chifukwa limatulutsa macheza ambirimbiri pamodzi, ndi maina, masiku ndi nthawi zake. Uthenga wa mawu nawonso musaupatsire wina, popeza liwu la munthu silibisika.

Njira yabwino ndi kulemba nokha motere:

Ine: Tsiku lija likadalipo?
Iye: Tidikire kaye mwezi wa mawa, zinthu sizili bwino.
Ine: Aka n'kachiwiri tsopano.
Iye (patapita tsiku lathunthu): Ndikudziwa. Ndidzakufotokozera tikakumana.

Mawu akuti "patapita tsiku lathunthu" asungeni, chifukwa akuthandiza kumvetsa nkhani. Achemwali amamudziwa kale mnyamatayu, choncho kwa iwo chomwe mukuteteza ndi zinsinsi zake. Koma mukamafunsa munthu wosamudziwa, kufufuta dzina kokha sikokwanira. Lilongwe ndi wamkulu pa mapu chabe. Mukati "dalaivala wa pa kampani ina ku Kanengo, amakhala ku Area 49, amaimba kwaya", alipo wina yemwe wamuzindikira kale. Nenani kuti "mnyamata wapantchito", basi.

Chenjezo limodzi apa: kuchotsa zinsinsi kusasanduke kudzikometsera mlandu. Ngati Lolemba munamulembera mawu achipongwe ndipo ndi pamene anayamba kuyankha mwachidule, uthenga wanuwo ulowe nawo. Mukaubisa, achemwali adzaweruza munthu yemwe kulibe, ndipo malangizo awo sadzakuthandizani.

Chachisanu, onetsani, musatumize

Kwerani minibasi, mupite ku Kawale, awerengere pa foni yanu. Chomwe mwatumiza chimatsala mu foni ya wina, yomwe ana amaseweretsa ndipo alamu anu amaigwiranso. `Delete for everyone` imagwira ntchito kwa masiku awiri okha kapena kuposerapo pang'ono, ndipo siingabweze chomwe wina wajambula kale. Ngati kupita n'kosatheka, imbani foni muwawerengere. Anthu achilendo a m'magulu a Facebook omwe amafunsa kuti "tiike dzina timudziwe" sakufuna kukuthandizani.

Pamene chilolezo sichifunika

Zonsezi zikusintha ngati munthuyo akukuopsezani, akukuzunzani, kapena akuti afalitsa zithunzi zanu mukapanda kumupatsa ndalama. Apo musamupemphe chilolezo, ndiponso musamuuze kuti mukusunga umboni, chifukwa akhoza kufufuta mauthenga kapena kukuchitani chipongwe. Jambulani zonse mmene zilili, nambala, tsiku ndi nthawi zikuoneka, osadula kapena kupaka chilichonse, ndipo macheza enieniwo musawafufute mu foni. Sungani makope pamalo ena omwe iye sangafike. Kenako pitani nawo ku ofesi ya Victim Support Unit ku polisi ya kufupi nanu, kapena kwa loya. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaika kuzunza munthu kudzera pa intaneti m'gulu la milandu. Umboniwo ukhale wathunthu kwa apolisi, koma za mlongo wake uja ndi za mankhwala zija zisapitebe ku sitetasi.