Mbewu yanuyo imera? Iyeseni mvula isanagwe

Alimi anzanga, mbewu yomwe mwasunga mthumbamo musaikhulupirire pongoiona ndi maso ayi. Njere imatha kuoneka yonenepa, yosafumbwa, yabwinobwino koma mkati inafa kalekale chifukwa cha kutentha kapena chinyezi cha komwe munaisunga, ndiye inu mumadzadziwa mutadzala kale, mapando ali mbee, mvula yoyamba ija yapita. Kuyesa kwake nkosavuta, pamangofunika chiguduli kapena kansalu koyera, madzi ndi njere 100 basi. Chitani izi kutatsala masabata awiri kapena atatu kuti mudzale, kuti zikakanika mukhale ndi mpata wosaka mbewu ina.

Poyambira penipeni mpotapa njere, ndipo apa ndi pomwe ambiri amadzinamiza. Munthu amasankha zokongola zokhazokha zapamwamba pa thumba, zonse nkumera, iye nkumasangalala. Ayi ndithu. Pisani dzanja pamwamba, pakati komanso pansi pa thumba, sakanizani, kenako werengani 100 mmene zikubwereramo, kaya ina ndi yaing'ono kaya yaboola nankafumbwe iwerengeni ndithu chifukwa kumunda nayonso mukaidzala. Matumba akakhala angapo lililonse liyesedwe palokha, lomwe linakhalira pansi pa simenti kapena linatsamira khoma silingafanane ndi linzake.

Nyowetsani chigudulicho nkuchifinya mpaka chisiye kudontha. Yalani njere mizere 10, mzere uliwonse njere 10, zisagundane, kenako pindani ngati mukukulunga mphasa, mangani mosathina ndipo ikani pamthunzi pofunda bwino pomwe makoswe ndi nkhuku sizifika. Tsiku lililonse muzigwira, chikayamba kuuma wazani timadzi pang'ono. Osachiviika mmadzi chonde, mbewu imafuna mpweya kuti imere, madzi akachuluka imawola nkuyamba kununkha ndiye mudzaiimba mlandu mbewu yosalakwa. Mukatsegula nkupeza chiguduli chili chonchoncho madzi, njere zili zofewa ndi chuku paliponse, yambiraninso. Koma ngati chinyezi chinali chabwino ndipo zowola zili apo ndi apo pakati pa zomera bwino, vuto ndi mbewuyo.

Chimanga muwerenge patatha masiku 7, soya 8, nyemba 9, mtedza 10. Powerenga musatenge iliyonse yomwe yangotulutsa kamuzu, werengani yokhayo yomwe ili ndi muzu wamphamvu komanso mphukira yoongoka. Ya kamuzu kakafupi kothera panjira, kapena mphukira yopiringizika, imeneyo munthaka siingaboole, iikeni mbali ya zakufa. Poti munayamba ndi njere 100, nambala yomwe mwapezayo ndiye peresenti yake.

Tiyerekeze mwapeza 70. Zikutanthauza kuti mukadzala njere imodzi paphando, pa mapando 1,000 pafupifupi 300 akhala opanda kanthu, malo omwe mwalima, mudzapalira, mwinanso kuthirapo feteleza koma osakololapo. Ngati munda wanu umadya makilo 10 a mbewu, chulukitsani 10 ndi 100 nkugawa ndi 70, mupeza makilo 14 ndi pang'ono, imeneyo ndiye mbewu yofunika kuti chiwerengero cha mbewu mmunda chikwane. Kwa nyemba, soya ndi mtedza mungothinitsako pang'ono kadzalidwe mumzere. Chimanga nchovutirapo, chifukwa mukaponya ziwiri paphando malo ambiri zimera zonse ndiye pali ntchito yopatulira, yomwe iyenera kuchitika chikadali chaching'ono zisanayambe kulimbirana chakudya. Ine ndimati kuyambira 85 kupita mmwamba dzalani mwa masiku onse, pakatikati apo wonjezerani mbewu monga tawerengeramu, koma ikatsika pansi pa 60 musavutike nayo, pezani ina. Mbewu yomwe yafa yochuluka choncho ndiye kuti ndi zotsalazo zafooka kale, ndipo kumunda kulibe chisamaliro cha mchiguduli, kuli zibuma, dzuwa ndi tizilombo, kameredwe kamatsikanso kuposa pamenepo. Kupakiza kumathandiza inde koma chopakiza mochedwa chimaphimbidwa ndi chinzake chachikulu, chimangobereka kachisononkho.

A soya mumve bwino apa, mbewu yanu siichedwa kufa, ikangokhala miyezi ingapo pamalo otentha kapena munaimenya kwambiri popuntha kameredwe kamagwa msanga, ndiye ngakhale yomwe munakolola chaka chomwechi iyeseni, ndipo ngati munayesa kale miyezi iwiri yapitayo bwerezani.

Chomwe kuyesaku sikungakuuzeni ndi zokolola. Chimanga cha haibulidi chobwereza chimatha kumera 95 pa 100 bwinobwino koma nkudzabereka mochepa komanso mosafanana, chifukwa mphamvu ya haibulidi imatsika mukadzalanso njere zomwe munakolola. Matenda ena oyenda ndi mbewu nawonso saonekera pachiguduli. Ndipo ngati mukuyesa mbewu yogula yopakidwa mankhwala ija, valani kapulasitiki kumanja, mukamaliza sambani ndi sopo, zomerazo mukwirire, osapatsa nkhuku kapena ziweto.