Momwe mungapezere ndime za mabuku amene mulibe m'Baibulo lanu

Pa mapemphero a banja ku Mufakose, azakhali athu, amene ndi Akatolika, anapempha kuti wina awerenge Danieli 3:92. Mnyamata wa ku CCAP anatsegula Buku Lopatulika, nkupeza kuti mutuwo wathera pa ndime 30. Palibe amene analakwa. Mabanja ambiri a ife Achewa a kuno ku Harare ndi osakanikirana mipingo, ndipo zoterezi zimachitika pa maliro ndi pa maukwati pomwe.

Choyamba, tsegulani tsamba la mndandanda wa mabuku, muwerenge a Chipangano Chakale. Akakwana 39, Baibulo lanu ndi la Chiprotestanti, la mabuku 66. La Chikatolika lili ndi 46, onse pamodzi 73. Chipangano Chatsopano musavutike nacho, ndi mabuku 27 konsekonse. Oonjezerawo ndi 7: Tobiti, Yuditi, 1 ndi 2 Amakabeo, Lunzu, Mphunzitsi Sira ndi Baruki. Anafika kwa Akhristu kudzera m'Baibulo la Chigriki lotchedwa Septuajinti, pomwe mu mndandanda wa Chihebri wa Ayuda mulibe. Aprotestanti anatsata wa Chihebriwo, ndipo mpingo wa Katolika unatsimikiza mabukuwa pa msonkhano wa ku Trenti mu 1546.

Kenako onani kumene awaika. Mabaibulo a Chikatolika amawalowetsa pakati pa anzawo: Tobiti ndi Yuditi pambuyo pa Nehemiya, Lunzu ndi Sira pambuyo pa Nyimbo ya Solomo, Baruki pambuyo pa Maliro a Yeremiya. Ena amawasonkhanitsa pamodzi pakati pa Malaki ndi Mateyo, monga anachitira Martin Luther mu 1534, ndi kuwatcha Apokrifa. Pa Chichewa, m'Buku Lopatulika la 1922 simudzawapeza. Malembo Oyera a Akatolika, a 1966, ali nawo. Buku Loyera la 1998 lilipo mitundu iwiri, ndiye pogula funsani lokhala ndi mabuku oonjezerawa, otchedwanso a Deuterokanoniko. Pa foni, sankhani Baibulo limene dzina lake lili ndi zilembo DC.

Povuta kwenikweni ndi pa Danieli, chifukwa buku lake lilipo mbali zonse koma kutalika kwake nkosiyana. Sadrake, Mesake ndi Abedinego ataponyedwa m'ng'anjo pa 3:23, Baibulo la Chiprotestanti limapitirira pomwepo ndi mfumu Nebukadinezara ikudabwa. La Chikatolika limayamba lakhala m'ng'anjomo ndi anyamatawo: Azariya, amene ndi Abedinego yemweyo, akupemphera, kenako atatuwo akuimba nyimbo yoitana dzuwa, mvula, mphepo ndi zilombo kuti zitamande Ambuye. Zimenezi ndi ndime 24 mpaka 90, zonse 67. Ndimaona kuti ngakhale amene sawerengera ndimezi ngati Malembo amataya kanthu akapanda kuiwerengako nyimboyi kamodzi.

Tsono masamu ake ndi awa. Mkatolika akatchula ndime ya pakati pa 91 ndi 97, chotsani 67. Azakhali aja ankafuna 92, ndipo 92 kuchotsa 67 ndi 25: pomwe mfumu ikunena kuti ikuona anthu anayi akuyenda m'moto osapsa. Mnyamata uja anali nayo ndimeyo m'manja mwake. Akatchula 98 mpaka 100, pitani pa 4:1-3. Koma akatchula ya pakati pa 24 ndi 90, samalani, chifukwa pa 24 mpaka 30 mudzapezapo mawu ndithu, koma ena. Chizindikiro chake nchakuti mlaliki akukamba za pemphero lolapa, inu mukuwerenga za mfumu yodzidzimuka. M'Baibulo losonkhanitsa Apokrifa padera, funani mutu wakuti Pemphero la Azariya. Kumeneko manambala amayambiranso pa 1, choncho tsatani mawu, osati nambala.

Danieli wa Chiprotestanti amathera pa mutu 12. Mutu 13 ndi nkhani ya Suzana, 14 ndi ya fano la Beli ndi chinjoka. Estere naye amathera pa 10:3. Mukamva 13:9 kapena ndime ya chilembo monga C:12, ndi za m'zigawo zisanu ndi chimodzi zoonjezera za Estere wa Chigriki, mmene muli mapemphero a Mordekai ndi Estere. Kalata ya Yeremiya musaifune kwa Yeremiya, ndi Baruki mutu 6.

Ana athu ambiri amawerenga la Chingerezi, ndipo pa foni amasokoneza Ecclesiastes ndi Ecclesiasticus. Loyambalo ndi Mlaliki, la mitu 12, lili m'Baibulo lililonse. Lachiwirilo ndi Sira, la mitu 51. Pulogalamu ya maliro ikalemba limodzi la maina awiriwa ndi mutu 38 kapena 44, dziwani kuti ndi Sira, mukabwereke Baibulo kwa achibale a Chikatolika tsiku lisanafike.