Momwe mungatcherere sensa ya chinyezi kuti pampu izithirira pa nthawi yake

Anthu ambiri akagula sensa yoyezera chinyezi cha m'dothi amaiimika m'malere n'kulemba nambala, kenako amaiviika m'kapu ya madzi n'kulembanso ina, basi ati atchera. Njira imeneyi imangokuuzani kuti sensa ndi yamoyo. Matimati anu samera mumpweya kapena m'kapu, ndiye manambala awiri amene mukufuna, ya pouma ndi ya ponyowa, ayenera kuchokera m'dothi la m'dimba lanu lomwelo.

Tiyambe ndi sensa yeniyeniyo. Ya mano awiri achitsulo musataye nayo ndalama: imadutsitsa magetsi m'dothi, manowo amadyeka msanga, ndipo mukathira feteleza manambala amasintha ngakhale chinyezi chili chomwecho. Gulani yakuda yonga kampeni, yolembedwa Capacitive Soil Moisture Sensor v1.2. Yang'anani kachipi kake. Kakalembedwa TLC555 ndi bwino; ka NE555 kamavuta pa mavoti 3.3. M'mbali mwa sensayi ndi mosamata, madzi amalowerera pang'onopang'ono, choncho pakani polishi ya zikhadabo m'mbali monse ndipo kumtunda kuli tizipangizo kutchingeni kuti mvula isakufike.

Mawaya ndi atatu: VCC ku 5V, GND ku GND, AOUT ku A0 pa Arduino Uno, kakompyuta kakang'ono komwe kaziwerenga sensa n'kulamula pampu. Uno imapereka nambala pakati pa 0 ndi 1023, ndipo sensa iyi imayenda chambuyo: dothi likauma nambala imakwera, likanyowa imatsika. Ngati muli ndi ESP32 m'malo mwa Uno, manambala amafika 4095, ndipo lumikizani ku pini ngati GPIO34, chifukwa mapini a ADC2 sawerenga WiFi ikayaka.

Musakhulupirire nambala imodzi

Tsegulani Serial Monitor, windo loonetsa manambala m'pulogalamu ya Arduino pakompyuta, muone: nambala imadumphadumpha ngakhale simunakhudze kanthu, makamaka waya akatalika kapena akadutsa pafupi ndi waya wa pampu. Mankhwala ake ndi kuwerenga kambirimbiri n'kutenga avereji.

```cpp
int werenga() {
  long zonse = 0;
  for (int i = 0; i < 20; i++) {
    zonse += analogRead(A0);
    delay(50);
  }
  return zonse / 20;
}
```

Muziwerenga pampu ili chozima. Ikamazungulira imakoka magetsi ambiri ndipo imasokoneza muyezo, n'chifukwa chake ndi bwino kuipatsa batire kapena adaputa yakeyake, osati kuidyetsa kuchokera pa Arduino.

Kupeza nambala ya pouma ndi ya ponyowa

Kumbani dothi pa bedi lomwe mudzathirire, pakuya pomwe mizu imakhala. Liyanikeni pa thumba masiku awiri kapena atatu mpaka lizifumbutuka m'manja. Tengani ndowa ya malita 5, ibooleni kunsi, thiranimo dothilo n'kulitsendera monga lilili m'munda. Lowetsani sensa mpaka pamzere wojambulidwa chakumtunda kwake, osapitirira, ndipo kanikizani dothi kuti ligwire mbali zonse ziwiri.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Sensa imamva dothi lokhalo lomwe laikhudza ndi loyandikana nalo kwambiri. Pakatsala kampata ka mpweya, imanena kuti kwauma pomwe kuli chinyezi. Kusintha kuya ndi sentimita imodzi yokha kumasinthanso nambala. Ndiye mukailowetsa musaigwedezenso mpaka muyezo wonse utatha.

Dikirani mphindi zingapo, lembani nambala ya pouma. Kenako thirani madzi pang'onopang'ono mpaka atulukire kunsi. Musalembe nthawi yomweyo, chifukwa amenewo ndi matope. Vundikirani ndowa ndi pulasitiki, iikeni pamthunzi, madzi owonjezera akhe. Mchenga umakha tsiku limodzi. Katondo ndi makande apatseni masiku awiri. Nambala yomwe mupeze ikakhazikika ndiyo ya ponyowa: madzi onse amene dothilo lingasunge popanda kumiza mizu.

Nachi chitsanzo cha ndowa ya katondo pa Uno. Tinene kuti mumpweya sensa yapereka 610, m'kapu ya madzi 290, m'dothi louma 580, ndipo m'dothi lokha madzi 340. Anu adzasiyana, ngakhale masensa awiri ogulidwa pamodzi sapereka manambala ofanana, choncho iliyonse muitchere payokha.

Taonani chomwe chikanachitika mukanagwiritsa ntchito 610 ndi 290. Dothi lokhuta bwino, la 340 lija, likanaoneka ngati maperesenti 84 okha. Munthu amene walamula pampu kuzima pa 90 ndiye kuti pampu yake izingothira mpaka bedi lisanduke dambo, thanki iphwe, mizu iwole. Koma mukatenga 580 ndi 340, dothi lomwelo likhala pa 100.

```cpp
const int POUMA = 580;
const int PONYOWA = 340;

int chinyezi = map(werenga(), POUMA, PONYOWA, 0, 100);
chinyezi = constrain(chinyezi, 0, 100);
```

Peresenti imeneyi sikutanthauza kuchuluka kwa madzi enieni m'dothi. Ikungonena pomwe muli pakati pa manambala anu awiri aja.

Poyatsira ndi pozimitsira

Pampu isadikire 0, chifukwa mbewu imafota kalekale dothi lisanaume ngati lija munayanika pa thumba. Poyatsira mumapapeza ndi dzanja. Vundukulani ndowa ija iziuma yokha, ndipo m'mawa uliwonse lembani nambala, tapani dothi pakuya kwa sensa koma chapatali nayo, mulifinye. Tsiku lomwe liumbika koma n'kusweka mukangolikhudza ndi chala, pamenepo mlimi akanatenga kheni. M'chitsanzo chathu tinene kuti tsikulo sensa yawerenga 470, omwe ndi maperesenti pafupifupi 45.

Pozimitsira pakhale patali ndi poyatsira, mwachitsanzo 80. Mukaika nambala imodzi ya zonse ziwiri, rileyi, kaswichi komwe Arduino imayatsira ndi kuzimitsira pampu, imangoti thethethe, kuyaka n'kuzima, mpaka yatha ntchito.

Chinanso, madzi amatenga nthawi kuti atsike kufika pa sensa. Pampu ikamathira mosalekeza kudikira 80, pofika pamenepo madzi apyola kale muyezo. Ine ndimakonda kuthira pang'onopang'ono: masekondi 30, kuzima, kudikira mphindi 10, kuwerenga, kenako kubwereza ngati sikunakwane. M'makande dikirani motalikirapo. Ikaninso malire, monga maulendo 6 otsatizana. Akakwana koma nambala osasuntha, pampu iime ndithu, chifukwa mwina thanki yauma, paipi yazuka, kapena nkhuku zafukula sensa.

Manambala achilendo muziwakayikira. Sensa yathu ija singapereke zoposa 610 kapena zochepera 290 ikakhala bwino. Mukaona 20 kapena 900, si nkhani ya dothi ayi, waya waduka kapena madzi alowa. Lembani kuti zikatero pampu isayake, n'kusiya mpata wa 20 mbali zonse ziwiri:

```cpp
int x = werenga();
bool yabwino = (x > 270 && x < 630);
```

Mukapita nayo kumunda, ikwirireni pakuya komweko monga m'ndowa, pakati pa tsinde ndi pomwe madzi amadonthera, osati pansi penipeni pa dontho, apo ayi izinena kuti kwanyowa mizu ina ili ndi ludzu. Sabata yoyamba pampu ikhale yosalumikiza: thirirani ndi kheni monga mwa masiku onse, muzilemba manambala m'mawa ndi madzulo n'kuyerekeza ndi zomwe dzanja likukuuzani. Dzuwa la Okutobala likatenthetsa sensa masana, nambala imatha kusuntha pang'ono, choncho yerekezani za nthawi yofanana tsiku lililonse. Mukadzathira manyowa ambiri kapena kusamutsira sensa pa bedi la dothi lina, bwererani ku ndowa ija mukapeze 580 ndi 340 anu atsopano.